Marefari anga akundigwetsa, a ejensi andipatsa mpaka Lachisanu

Wamaleja25

Anzanga a maakaunti, ndithandizeni, mutu waima. Ndadutsa intavyu ziwiri komanso mayeso a Excel pa ntchito yoyang'anira chuma cha polojekiti ku Lilongwe kuno. Bungwelo likulemba kudzera ku ejensi ya ku Nairobi. Sabata yatha anandipempha marefari atatu, ndinangokopa omwe ali pa sivi yanga n'kutumiza. Lero Lachitatu mayi wa ku ejensi wandiimbira. Imelo ya refari woyamba yabwerera, polojekiti yathu ija inatsekedwa chithandizo cha ku America chitaimitsidwa mu 2025. Wachiwiri fomu anailandira masiku 6 apitawo, ali zii. Wachitatu wayankha, koma walemba kuti ndinali wothandizira akauntanti kuyambira 2019 mpaka 2022, pomwe pa sivi ndinalemba ofisala wa zachuma, 2019 mpaka 2023. Tsopano akuti ndifotokoze kusiyanako. Komanso akufuna bwana wanga wapano, amene sakudziwa n'komwe kuti ndikusaka kwina. Andipatsa mpaka Lachisanu masana. Ndiyambire pati?

Kambalame

Achimwene, musadzivutitse. Apempheni wachiwiriyo akutumizireni fomuyo, mulembe nokha bwinobwino, iwo angosaina n'kutumiza. Mabwana alibe nthawi. Ine ntchito zitatu ndalowa choncho.

Nachisale wa Peyirolo

A Kambalame, dikirani kaye. A Wamaleja, funso limodzi: anthu atatuwa munawaimbira musanapereke maina awo?

Wamaleja25

Ayi mayi. Anavomera kale mu 2023 pomwe ndinkachoka, ndimaona ngati zikadali momwemo.

Nachisale wa Peyirolo

Vuto lagona pamenepo, koma likonzeka. Ine ndakhala mbali inayo, yotumiza mafomuwa, ndiye ndinene mmene timaonera.

Yambani ndi wachitatu, chifukwa ndiye woopsa. Refari wosayankha timangomuona ngati wotanganidwa. Koma udindo ndi zaka zikasiyana ndi za pa sivi, makamaka kwa munthu amene adzagwire ndalama, failo imaikidwa pambali mpaka zitamveka. Ndikuganiza kuti munalowa ngati wothandizira, n'kudzakwezedwa bwanayo ali pafupi kuchoka kapena atachoka kale. Ngati zili choncho, iye sananame. Walemba zomwe anaona. Cholakwika chili pa sivi yanu, pomwe mwaphatikiza maudindo awiri m'mzere umodzi. Usiku womwe uno pezani kalata yokukwezani ndi peyisilipi imodzi ya udindo uliwonse, muzijambule, mulembere a ejensi mizere inayi yokha: ndinalowa mwezi wakuti 2019 pa udindo wakuti, ndinakwezedwa mwezi wakuti, refari uyu anandiyang'anira kuyambira apa kufika apa, makalata ndi awa. Musamuimbire refariyo kuti asinthe zomwe walemba. Fomu ikabweranso kachiwiri itasinthidwa, ifeyo timadziwa kuti wofunsira ntchitoyo walowererapo.

Wamaleja25

Mwalasa. Anandikweza mu Julaye 2021, iwo anachoka kumayambiriro kwa 2022. Mwina anangoiwala. Kalata ndili nayo m'chikwama cha masetifiketi.

Kambalame

Mwaona? Mukanalemba nokha, zaka zikanagwirizana. Ndi zomwe ndikunenazo.

Gogo Odita

A Kambalame, ine ndinaona munthu akutaya ntchito itafika kale m'manja chifukwa cha nzeru imeneyo. Mnyamata wina amene ndinkagwira naye analemba yekha mafomu a marefari ake awiri. Onse awiri anali ndi chiganizo chofanana, ndi liwu limodzi lolembedwa molakwika mofanana. Kuonjezera apo, failo ya Word imasunga dzina la mwini kompyuta, ukatsegula File kenako Info umaliona. Olemba ntchitowo sananene kanthu, anangoimbira refari mmodzi n'kumufunsa kuti, paja mwalemba kuti anakonza mavuto a odita, anali mavuto anji? Bamboyo anangoti kakasi. Mnyamatayo mpaka lero amanena kuti anamuchitira kaduka.

Mphunzitsi wa ku Mzimba

Ine pofunsira ntchito ndimayenda ndi kalata ya abusa ndi ya ahedi anga akale, zodinda bwinobwino, ndimangopanga fotokope. Sizinandivutepo. Bwanji osatumiza zoterozo?

Nachisale wa Peyirolo

Aphunzitsi, makalata amenewo ndi abwino kumene amawalandira, koma apa akufuna munthu amene anayang'anira ntchito yake ya ndalama, ndipo ayankhe yekha kwa iwo osadzera m'manja mwa wofunsira. Abusa sangayankhe ngati a Wamaleja amatseka mabuku a mwezi pa nthawi yake.

A Wamaleja, za woyamba uja. Munthuyo alipo, yafa ndi imelo. Mufufuzeni pa WhatsApp kapena LinkedIn. Ngati analowa ntchito kwina, pemphani imelo ya kuntchito kwake kwatsopano, chifukwa ambiri otsimikiza marefari sakhulupirira Gmail, aliyense angathe kutsegula ina m'dzina la bwana wake. Ngati ali pakhomo ndipo ali ndi Gmail yokha, nenani poyera kwa a ejensi kuti ofesi inatsekedwa, mupereke nambala yake ya foni, kenako muonjezere imelo ya likulu la bungwe lakalelo, ofesi yoona za antchito, kuti atsimikize kuti nonse awiri munagwiradi kumeneko. Akumana nazo kambirimbiri zoterezi kuchokera 2025, sadabwa.

Chitedze

Komatu lamulo lili mbali yanu. Lamulo la ntchito la 2000, gawo 31, limati abwana akupatseni setifiketi mukamachoka, ndipo saloledwa kukunenerani zoipa. Tumizani setifiketiyo basi, refari akhale chete ngati akufuna.

Gogo Odita

A Chitedze, theka lake ndi loona. Setifiketiyo ilipodi mukaipempha, ndipo imanena za nthawi yomwe mwagwira, udindo ndi malipiro. Kwa a Wamaleja ithandiza pa nkhani ya zaka ija. Koma zakuti isalembedwe maganizo a bwana pa kagwiridwe kanu ka ntchito pokhapokha mutapempha nokha, zikukhudza pepala lomwelo. Refari amene mwamutchula nokha akafunsidwa kuti kodi mungamulembenso ntchito munthu ameneyu, ali ndi ufulu woyankha kuti ayi ngati ndi mmene akuonera. Ndipo funso limenelo silisowa pa fomu. Ine ndikaona refari walidumpha, kapena walemba kuti zingatengere udindo wake, ndimadziwa kuti pali nkhani.

N'chifukwa chake pomupempha munthu musamafunse kuti kodi ndikuikeni. Mmalawi sakana pamaso, avomera, kenako fomu ikhala pa desiki. Mufunseni kuti, bwana, akakufunsani ngati mungandilembenso, muyankha bwanji momasuka? Akayamba kuzungulira, thokozani, fufuzani wina.

Wamaleja25

Mwandiopsa tsopano. Wachiwiri uja tinasiyana bwino, kungoti tinakanganapo kamodzi pa ma alawansi a woshopu ya ku Salima, ndinakana kulipira anthu omwe sanasaine. Kodi kukhala chete kwakeku n'kumeneko?

Nachisale wa Peyirolo

Musalote, imbani mawa 7 koloko asanalowe m'misonkhano. Kawirikawiri fomu imakhala yagwera mu Spam, chifukwa imachokera ku adiresi yachilendo ndipo ili ndi linki. Komanso nambala yoyamba ndi +254 anthu ambiri saiyankha, amaopa akuba a pafoni. Muwauze dzina la ejensi, dzina la amene akuimba, mutu wa imelo, ndi tsiku lomaliza. Mukatero muwatumizire uthenga umodzi, osati khumi. M'menemo muike chilengezo cha ntchito, sivi yomwe a ejensi ali nayo, miyezi yeniyeni imene anakuyang'anirani, ndi zinthu ziwiri kapena zitatu zomwe munachita pansi pawo zogwirizana ndi ntchito yatsopanoyi. Mwachitsanzo, ngati chilengezo chikunena za malipoti a madona ndi odita, akumbutseni odita ya 2022, kuti inatuluka ndi mafunso angati ndipo ndani anawatseka, ndi kuti ma adivansi a ku filudi munkawatsatira bwanji. Musawalembere ziganizo zoti akope. Apatseni zokumbukira, mawu apeze okha. Refari amene wakumbutsidwa amalemba chitsanzo, amene sanakumbutsidwe amalemba kuti ndi wolimbikira ntchito, ndipo mawu amenewo tawawerenga pa fomu iliyonse.

Nkhani ya ku Salima muitchule nokha pafoni. Kwa olemba akauntanti, kukana kulipira wosasaina ndi mbiri yabwino. Koma mumve kaye mmene mwiniwakeyo akuikumbukirira. Pofika mawa masana ngati sanayankhe, perekani dzina lachinayi, ndipo mumuimbire kaye ameneyo.

Kambalame

Zonsezi ndi ntchito ya masiku awiri. Kuwatumizira zokumbukira ndi kuwalembera, kusiyana kwake n'kotani? Ine ndikuti lembani, asaine.

Gogo Odita

Kusiyana kumaoneka foni ikalira, achimwene. Komanso mafomu ambiri tsopano ndi a linki yopita kwa refari yekha. Ndipo pali gawo lina limene simungalembe: mabungwe ambiri akunja ali mu Misconduct Disclosure Scheme, yomwe inayamba mu 2019, amafunsa malo omwe munagwirako zaka 5 zapitazi ngati munapezekapo ndi mlandu wa nkhanza zokhudza kugonana. Limenelo limayankhidwa ndi ofesi, osati mnzanu. Ndiye a Wamaleja, dziwani kuti kuntchito kwanu kwapano angathe kudzafunsidwa ndithu, nkhani ndi yakuti liti.

Wamaleja25

Apo ndiye pondisowetsa tulo. Kontrakiti yanga ikutha Disembala ndipo sanandiuze ngati awonjezera. Akamva kuti ndikusaka, ndathera pompo.

Nachisale wa Peyirolo

Alembereni a ejensi, musangolankhula pafoni, kuti bwana wapano afunsidwe pokhapokha mutalandira kalata yokupatsani ntchito, ngakhale ikhale yonena kuti zidalira marefari. Ambiri amavomera. Dzina lake ndi nambala musapereke kufikira kalatayo ili m'manja, chifukwa zikangolowa m'failo wina angathe kuimba osaona chenjezo lanu. Kalata ikabwera, kalankhuleni nokha ndi bwanayo tsiku lomwelo, asamvere kwa mlendo.

Chitedze

Ine anandikana zimenezo, anati popanda bwana wapano sitipitirira. Ndinapereka, ntchito sindinaipeze, ndipo ku ofesi anasiya kunditumiza ku maphunziro chaka chonse. Mpaka pano sindidziwa ngati ndikanalimba mtima kukana.

Gogo Odita

Pepani a Chitedze. Pena amalola munthu wina wa pamalo pomwepo, monga amene anakuyang'aniranipo koma anasamukira ku dipatimenti ina. Koma Lilongwe ndi wochepa, aliyense wa maakaunti anaphunzira ndi mnzake wa uyo, ndipo ku msonkhano wa ICAM, bungwe la maakauntanti, kunyanja amakumana onse. Ine sindingalonjeze kuti chinsinsi chisungika.

Mphunzitsi wa ku Mzimba

Nanga refari akapempha kangachepe ka yunitsi kuti ayankhe, mumatani? Ahedi ena anandipemphapo.

Kambalame

Ya yunitsi ndi ya bandulo mpatseni, si ziphuphu zimenezo, munthu ali pakhomo alibe ntchito. A Wamaleja, woyamba uja mwamupeza?