Manotsi ofotokozera mnzanga akungothera pamizere itatu, ndikulakwitsa pati?

Tadala_F4: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili Fomu 4, ndikukonzekera MSCE. Aphunzitsi a Bayoloje anatiuza kuti tisiye kukopera za m'buku, koma mutu uliwonse tiziulemba ngati tikufotokozera mnzathu amene anajomba tsiku lomwe anauphunzitsa, buku lili chitsekere. Ndayamba ndi osimosisi. Tanthauzo la m'buku ndimalilakatula osapumira, koma nditati ndilembe m'mawu angaanga zatuluka izi:

"Osimosisi ndi pamene madzi akuchoka pomwe pali ambiri kupita pomwe pali ochepa. Umu ndi momwe mizu imamwera madzi. N'chifukwa chake feteleza akachuluka chimanga chimapsa."

Basi, cholembera chaima. Kodi izi zakwana? Ngati sizinakwane, ndingadziwe bwanji pomwe paperewera pamene wolemba ndi woonanso ndine ndemwe?

Blessings wa ku Area 25: Zili bwino mwanawe, waphonya mawu amodzi okha. Lemba kuti madzi amachoka pokhathamira kwambiri kupita pokhathamira pang'ono, ndi mmene tinalowezera ife ndipo tinakhoza.

Aphunzitsi Opuma: A Blessings, kukhathamira kwa chiyani, kwa madzi kapena kwa mchere? Mukati kwa madzi mwakhoza, mukati kwa mchere mwatembenuza zonse. Ana ambiri amataya malikisi pamenepo, chifukwa analoweza chiganizo chomwe chimamveka bwino mbali zonse ziwiri.

Tadala, zomwe walembazo zagwira kale ntchito yake, kungoti sunaziwerenge ngati mnzako uja. Mnzako amene anajomba sangangogwedeza mutu, afunsa. Tenga cholembera cha mtundu wina, ndipo pakutha pa chiganizo chilichonse ulembe funso lomwe iye angafunse.

Chiganizo choyamba: ndikathira madzi a mundowa m'chikho chopanda kanthu, achoka pomwe pali ambiri kupita pomwe pali ochepa. Kodi imeneyo ndi osimosisi? Ayi. Ndiye kuti m'kufotokoza kwako mukusowa chinthu cholekanitsa ziwirizi, chomwe ndi kachikopa kopyapyala kokuta selo, kamene kamalola madzi kudutsa mosavuta koma n'kutchinga zambiri zosungunuka m'madzimo. Popanda kachikopako palibe osimosisi.

Koma bowo lalikulu lili pa "n'chifukwa chake". Mawu amenewo, pamodzi ndi "motero" ndi "ndiye basi", ndi pomwe munthu amalumpha chimene sakuchidziwa. Wachoka pa mizu kumwa madzi n'kufika pa chimanga kupsa, koma pakati sunanene chachitika n'chiyani. Yesa kulemba pakatipo m'ziganizo zitatu, usatsegule buku.

Tadala_F4: Zikomo aphunzitsi. Ndayesa: "Feteleza akasungunuka pafupi ndi muzu, madzi a m'dothi pamenepo amakhala ndi mchere wambiri kuposa madzi a m'kati mwa muzu. Ndiye m'malo moti madzi alowe mu muzu, amatuluka kupita kudothi. Mbewu imafota ngakhale dothi lili lonyowa." Koma tsopano ndasokonezeka. Ngati kachikopako kamatchinga mchere, nanga fetelezayo amalowa bwanji m'chimanga kuti chikule?

Aphunzitsi Opuma: Eyaa, funso limenelo sukanalipeza pokopera. Tsopano ndiye tsegula buku, koma pa funso lokhalo, osati mutu wonse. Upeza kuti michere ya m'dothi silowa ndi osimosisi. Ina muzu umachita kuikoka, ngakhale m'kati muli kale yambiri kuposa kunja, ndipo kukokako kumadya mphamvu. Mphamvuyo imachokera pa kupuma kwa maselo a muzu, komwe kumafuna okosijeni. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe chimanga cha pamalo podikha madzi chimachitira chikasu ngakhale munathira feteleza: mizu yasowa mpweya. Ukawerenga, tsekanso buku n'kulemba ndime yonse kuyambira poyamba. Usangomata chiganizo chatsopano pansi pa zakale.

Mai a Yankho: Pepani ndalowa pakati. Manotsi amenewa mukugulitsa zingati? Mwana wanga ali Fomu 3, ndingatumize ndalama pafoni munditumizire a Bayoloje ndi Kemisitile.

Nachisale: Mayi, sakugulitsa ayi. Mwanayo akuyenera kulemba yekha, a mnzake akangowawerenga zikhala ngati wawerenga buku lomwelo.

Ine ndili ku koleji ya unamwino ndipo njirayi ndimaigwiritsa ntchito, koma ndichenjeze chinthu chimodzi. Ukhoza kulemba zomveka bwino, zosalala, koma zabodza, iwe osadziwa. Ine poyamba ndinkafotokoza mokoma kuti selo iliyonse ikaikidwa m'madzi opanda mchere imaphulika. Za selo yofiira ya magazi ndi zoona, koma ya mbewu ili ndi khoma lolimba kunja kwa kachikopa kaja, imangofufuma n'kulimba osaphulika. Palibe paliponse pomwe cholembera changa chinaima, ndiye bowo silinaoneke. Linaoneka nditatenga mapepala akale a MANEB a mng'ono wanga. Choncho ukamaliza kulemba, yesa notsi yakoyo pa funso lenileni la mayeso, uone ngati ikukwanira kuliyankha.

Aphunzitsi Opuma: Anena zoona a Nachisale. Tadala, yesa ili. Kachidutswa ka mbatatesi kolemera magalamu 5.0 kaikidwa m'madzi a mchere wambiri. Pokachotsa n'kukapukuta kakulemera magalamu 4.4. Kasintha ndi maperesenti angati, ndipo chifukwa chiyani timakapukuta tisanakayeze?

Tadala_F4:

```
(4.4 - 5.0) / 5.0 x 100 = -12%
```

Kapepuka chifukwa madzi atuluka m'maselo kupita kumchere. Za kupukutazo mu notsi yanga mulibe, koma ndikuganiza kuti madzi omatirira kunja angawonjezere kulemera, sikelo n'kutinamiza.

Aphunzitsi Opuma: Wakhoza zonse. Kalembe zimenezo mu notsi, pamodzi ndi chifukwa chomwe tagawira ndi 5.0 osati 4.4. Ukalephera kufotokoza chimenecho, bowo lina ndi limenelo.

Che Jafali Mlimi: Ine sukulu ndinasiyira panjira koma feteleza ndimamudziwa. Wobereketsa, yuriya uja, ukamuthira pafupi ndi phesi dothi lili louma amawotcha moipa kuposa wokulitsa. Alangizi anatiuza kuti amatulutsa mpweya wa amoniya womwe umapsereza mizu. Ndiye si nkhani ya madzi kutuluka yokha ayi.

Blessings wa ku Area 25: Koma abale, mayeso amabwera m'Chingerezi. Mwana azitaya nthawi kulemba Chichewa, mawa pa pepala alemba chiyani? Komanso maphunziro ndi ambiri, mitu yonseyo aifotokoza chonchi mpaka liti?

Nachisale: Ine ndimayamba m'Chichewa chifukwa m'Chingerezi ndimatha kubisala kuseri kwa mawu oloweza. Zikamveka, ndimalembanso mwachidule m'Chingerezi ndi mawu omwe ochonga amafuna. Pa za nthawi mukunena zoona, mitu yonse sizingatheke. Ndimasankha ya zinthu zoyenda mwandondomeko, monga kayendedwe ka magazi mumtima. Mayina a mafupa ndimangoloweza.

Aphunzitsi Opuma: Pa chiyankhulo ine ndimasiyana nanu pang'ono. Wa Fomu 4 amene mayeso ayandikira ndimamuuza alembe Chingerezi chophweka kuyambira pachiyambi, Chichewa achisunge pofotokozera mnzake pakamwa. Kulemba kawiri kumadya nthawi. Za Che Jafali nazo n'zoona, yuriya akamasungunuka m'dothi amatulutsa amoniya. Tadala, pa mayeso yankha za osimosisi, koma mu notsi usalembe ngati ndicho chifukwa chokhacho.

Tadala_F4: Ndamva. Koma mawa ndikufuna ndiyambe Masamu, ma kwadiratiki. Pamenepo mnzanga ndimufotokozera bwanji, poti ndi manambala okhaokha? Alipo anayesapo?