Chifundo akufuna kuika $12,000 yonse m'makolu opushoni a Nvidia

Chifundo: Abale, ndikufuna maganizo, koma mtima wanga wagwa kale. Ndasunga $12,000 ya mashifiti ausiku kuno ku Indiana. Ndimati ndigule puloti ku Lilongwe, koma ndikuganiza zoti ndiyambe ndaichulukitsa. Nvidia, kampani ya ku Amereka yopanga machipi a makompyuta, ilengeza phindu lake masabata atatu akubwerawa. Ndikufuna kugula makolu opushoni, ndiye kuti ufulu wodzagula masheya ake pa mtengo womangiriratu, ndi ndalama yonseyi lipotilo lisanatuluke. Buloka wandivomereza kale pa apu.

Yamikani: Aise, wadzuka bwino. Pa 25 Meyi 2023 sheya yomweyo inakwera ndi 24 peresenti tsiku limodzi, lipoti litangotuluka. Amene anali ndi makolu tsiku limenelo anadya bwino. Ndipo ubwino wa kolu ndi woti sungaluze kuposa zimene waika. Palibe ngongole, palibe wokusaka.

Ankolo Banda: Mwanawe, zimenezi si zija anyamata a kuno ku Blantyre amadina pafoni kuti ikwera kapena itsika pa mphindi zisanu? Mphwanga wina anathera fizi yonse m'menemo. Usayerekeze.

Tadala: Ayi ankolo, zimene mukunenazo ndi zina, izi zimagulitsidwa pamsika wovomerezeka ku Amereka, zinayamba kale mu 1973 ku Chicago. Koma mantha anuwo sali kutali ndi zoona. Achimwene a Chifundo, tandiuzani zimene mukuona pa sikirini: mtengo umene mukufuna kumangirira ndi uti, tsiku lothera ndi liti, ndipo akulipiritsa zingati?

Chifundo: Achemwali, ndikuyang'ana zothera mwezi wamawa, mtengo womangirira uli pamwamba pang'ono pa mtengo wa lero, mwina ndi 5 peresenti. Ndizo zotchipirako, ndingathe kugula zambiri.

Tadala: Chabwino. Tiyeni tichite masamu ndi manambala ofewa, inu mukaika enieniwo panokha. Tiyerekeze sheya ili pa $100 lero. Mukugula ufulu wodzaigula pa $105 mkati mwa masiku 30, ndipo ufulu umenewo akukugulitsani $3 pa sheya. Kontirakiti imodzi ndi ya masheya 100, ndiye imodzi ndi $300. Ndalama yanu ikugula makontirakiti 40.

Zili ngati mwapatsa mwini puloti ndalama yosabweza kuti akusungireni mtengo kwa mwezi umodzi. Mwezi ukatha mapuloti a m'deralo asanakwere kupitirira mtengo munagwirizanawo, ndalama ija yapita, ndipo puloti mulibe.

Tsono onani tsiku lothera. Sheya ikakhala pa $104, mwalosera bwino, yakweradi, koma makolu anu onse 40 ndi ziro, chifukwa palibe amene angalipire ufulu wogula pa $105 chinthu chimene chili pa $104 pamsika. Ikafika $106, kontirakiti iliyonse yatsala ndi $100, ndiye mwa $12,000 ija mwatsala ndi $4,000. Kuti mungobweza yanu yokha, iyenera kufika $108. Kukwera ndi 8 peresenti pamwezi umodzi, inu osapeza kanthu.

Yamikani: Malizani nkhani achemwali, musasiyire panjira. Nanga ikafika $115?

Tadala: Ikafika $115 ali ndi $40,000. Sindikubisa, ndi chifukwa chake anthu amazikonda. Koma ikani pambali pake munthu amene wagula masheya enieni 120 ndi ndalama yomweyo. Pa $104 iye ali ndi $12,480 pamene Chifundo ali ndi ziro. Ngakhale itatsika kufika $90, iye ali ndi $10,800 ndipo angathe kudikira chaka kapena ziwiri. Wa kolu sangadikire. Ayenera kulondola zinthu zitatu pakamodzi: kuti ikwera, kuti ikwera mokwanira, komanso kuti ikwera tsiku lija lisanafike.

Ndipo a Yami, mawu anu oti sangaluze kuposa zimene waika ndi oona. Vuto ndi loti zimene akuikazo ndi zonse zimene ali nazo.

Yamikani: Inu mukuwerengera ngati adzagwira mpaka tsiku lomaliza. Ndani amachita zimenezo? Umagula lipoti lisanatuluke, m'mawa mwake ikadumpha umagulitsa, basi.

Thoko: Hahaha a Yami, zimenezo ndi zomwe zinandiliza ine. Ndilowepo pang'ono. Ndinagula makolu a kampani ina madzulo a tsiku la lipoti, pa $4. Lipoti linatuluka labwino, sheya inakwera pafupifupi 3 peresenti, ndinagona ndikumwetulira. M'mawa msika utatsegulidwa ndinapeza akugula pa $1.50. Ndinatseka apu n'kutsegulanso, ndimaganiza kuti yasokonezeka.

Chifundo: Zitheka bwanji? Sheya yakwera, kolu n'kutsika?

Tadala: Zimatheka, ndipo zimachitika kawirikawiri. Lipoti likamayandikira aliyense amadziwa kuti sheya ingadumphe kwambiri, kupita kumwamba kapena pansi. Ogulitsa makolu nawonso amadziwa, ndiye amakweza mtengo kuti ulipirire kudumphako. Pa apu yanu fufuzani pamene alemba IV, imene imasonyeza kudumpha kumene msika ukuyembekezera, muona kuti nambalayo ndi yokwera pa makolu amene akuthera lipoti litangodutsa. Lipoti likatuluka, chinsinsi chatha, ndipo gawo la mtengo limene munalipirira chinsinsicho limasungunuka usiku umodzi. Thoko analipira mtengo wa kudumpha kwakukulu, koma kunabwera kudumpha kwakung'ono.

Ndiye funso si loti kodi Nvidia ndi kampani yabwino. Aliyense akudziwa kuti ndi yabwino, kuphatikiza amene akukugulitsani koluyo. Funso ndi loti kodi idumpha kuposa mmene msika wawerengera kale. Kumapeto kwa Ogasiti 2024 inalengeza phindu loposa limene akatswiri ankayembekezera, koma tsiku lotsatira sheya inatsika ndi pafupifupi 6 peresenti. Ndipo pa 27 Januwale 2025 inagwa ndi pafupifupi 17 peresenti tsiku limodzi chifukwa cha nkhani ya DeepSeek, kampani ya AI ya ku China, popanda lipoti lililonse. Amene anagwira masheya anadzaona mtengo ukubwerera. Amene anali ndi makolu othera sabata imeneyo analibe nthawi yodikira.

Yamikani: Mukusankha masiku oipa okhaokha.

Tadala: Inunso munasankha tsiku labwino limodzi. Tafanana.

Ankolo Banda: Ine masamu enawa andipitirira, koma ndamva kuti ndalama ingathe yonse mwezi umodzi. Bwanji osatumiza kuno, ndikakugulira masheya a National Bank kapena Airtel pa msika wathu? Chaka chikatha amagawa kenakake, ndipo pepala limakhala lako.

Thoko: Ankolo, maganizo abwino, koma kumbukirani Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Munthu wa madola akasintha zonse lero amakhala walowa mpikisano wina.

Ankolo Banda: Zoona, tinalira. Koma puloti nayonso adzagula ndi makwacha omwewo.

Chifundo: Ankolo, za kumudzi tikambirana pambali. Achemwali, nanga nditagula zotalika, za chaka chathunthu? Ndaona zilipo.

Tadala: Zilipo, ndipo nthawi siikuthamangitsani ngati za mwezi umodzi. Kolu iliyonse imataya mtengo pang'onopang'ono tsiku lililonse ngakhale sheya itaima malo amodzi, pa sikirini ndi pamene alemba Theta, ndipo kutayako kumathamanga kwambiri masabata omaliza. Ya chaka imatha pang'onopang'ono poyamba. Koma nthawi imeneyo mumaigula. Pa sheya yosakhazikika ngati iyi, kolu ya chaka ingakhale $20 m'malo mwa $3 m'chitsanzo chathu chija. Mugula makontirakiti 6 okha, ndipo kuti mubweze yanu sheya iyenera kufika $125. Phindu lodabwitsa lija limachepa, koma ziro akadalipo kumapeto.

Chifundo: Ndiye mukuti ndisagule n'komwe?

Tadala: Ndikuti musagule ndi $12,000. Ngati mtima ukukuvutani, gulani kontirakiti imodzi kapena ziwiri, ndalama yoti ikapita lendi mulipirabe ndipo kumudzi mutumizabe. Muone ndi maso anu mmene mtengo ukuyendera lipoti lisanatuluke ndi litatuluka. Ndikufunseni, galimoto yanu itafa mawa, kapena mashifiti atachepa, muli ndi ina pambali?

Chifundo: Ayi. Ndi yomweyi.

Tadala: Pamenepo ndiye sindingakubisireni, m'bale wanga. Kuikamo yonse n'kulakwa, ngakhale mutapambana ulendo uno.

Yamikani: Apa ndiye sitigwirizana. Ndi $300 sungasinthe moyo. Munthu wosauka akamaopa chonchi adzagwira mashifiti mpaka msana kupindika. Ine ndikanati aike theka.

Thoko: Theka ndi $6,000 a Yami. Mukudziwa kuti ndi mausiku angati osagona? Komanso ndinene chimene palibe ananditchulira ndisanayambe: msonkho. Kuno ukapeza phindu pa chinthu chimene wagwira osapitirira chaka, amakudula ngati malipiro a ntchito. Ukaluza osapeza phindu kwina, amakulola kuchotsa $3,000 yokha pachaka pa malipiro ako, yotsalayo umanyamula kupita nayo zaka za kutsogolo. Akaluza $12,000 yonse zimutengera zaka zinayi kuti aimalize.

Yamikani: Za msonkho ndi mavuto a munthu amene wapambana.

Thoko: Werenganinso, ndanena zonse ziwiri.

Chifundo: Funso lina. Tinene kuti yakwera kufika $110 ndipo ine ndili ku ntchito tsiku lothera, sindinagulitse. Ndalama imangolowa yokha?

Tadala: Ayi, ndipo apa samalani. Kolu ikathera ili pamwamba pa mtengo womangirira ngakhale ndi senti imodzi, lamulo lake ndi loti imasanduka kugula masheya enieni. Makontirakiti 40 ndi masheya 4,000 pa $105, ndiye $420,000, imene mulibe. Mabuloka ambiri akaona kuti akaunti siingakwanitse amakugulitsirani okha msika usanatseke tsiku limenelo, pa mtengo umene ulipo nthawi imeneyo, osati umene mukanasankha inu. Werengani malamulo a buloka wanu pa nkhani imeneyi musanadine chilichonse. Inu amene mumagona masana mutachoka ku shifiti, msika umatsegulidwa 9:30 m'mawa n'kutsekedwa 4 koloko madzulo nthawi ya ku New York, ndendende nthawi yanu ya tulo.

Ankolo Banda: Ndiye munthu angadzuke n'kupeza zagulitsidwa kale?

Tadala: Eya ankolo, angatero.

Chifundo: Mwandizizilitsa thupi, koma sindinagonje. Mtima ukundiuzabe kuti lipoti ili likhala lalikulu. Mwina makontirakiti asanu, yotsalayo ikhale.

Yamikani: Asanu okha? Ikadumpha udzandikumbuka aise.

Tadala: Asanu ndi ambiribe kwa munthu wopanda ina pambali, koma ndalama ndi yanu. Musanagule, nditumizireni chithunzi cha tsamba lonse la tsiku lothera limenelo, pazioneka Bid ndi Ask, ndiye kuti mtengo wa ogula ndi wa ogulitsa, komanso IV. Tiphatikize mtengo wa kolu ndi wa puti, yomwe ndi ufulu wodzagulitsa sheya, pa mtengo wa lero wa sheya, tione kuti msika ukuyembekezera kudumpha kwa maperesenti angati. Kenako mundiuze ngati mukukhulupiriradi kuti idumpha kuposa pamenepo, komanso chifukwa chake.

Chifundo: Nditumiza ndikaweruka. Thoko, apu yako imaonetsa IV pati? Kwanga sindikuipeza.