Kalata ya a hedi pa kagawidwe ka makalasi: ndikafunse chiyani?

Makolo anzanga ndi aphunzitsi, ndithandizeni maganizo. Mwana wanga wapita Sitandade 5 chaka chino, ndipo wabwera ndi kalata yochokera kwa a hedi yofotokoza mmene agawira ana m'makalasi A, B ndi C. Alemba kuti anandandalika ana onse potengera malikisi a mayeso a teremu yachitatu, kenako woyamba anamuika mu A, wachiwiri mu B, wachitatu mu C, wachinayi n'kubwereranso ku A, mpaka dzina lomaliza. Atsikana ndi anyamata anawawerenga padera kuti kalasi iliyonse ikhale ndi chiwerengero chofanana. Akuti A si kalasi ya anzeru okhaokha ayi.

Njirayi ndaimvetsa ndipo ndikuona kuti ndi yachilungamo. Chikundidetsa nkhawa ndi chakuti kalatayo sikunena kanthu za ana obwereza kalasi, kapena ovutika kuona ndi kumva. Wanga saona bwino zapabolodi akakhala kumbuyo, ndipo mphunzitsi wa chaka chatha ankamukhazika kutsogolo. Sitandade 5 ndiyenso kalasi imene Chingerezi chimalimba pophunzira, choncho sindikufuna atsalire teremu yoyamba yomweyi.

Funso langa ndi ili: ndipemphe kuti amusamutse kalasi, kapena ndingodziwitsa mphunzitsi watsopanoyo za masowo? Nanga ndiyambire kwa mphunzitsi wa kalasi, kwa a hedi, kapena nkhani yotere imadzera ku komiti ya makolo ndi aphunzitsi? Amene munakumanapo nazo, kodi anakufunsani kalata ya kuchipatala?