Dalaivala wathu walemba za buledi pa Facebook, kalata yochenjeza ndiilembe bwanji?

Nabanda, Lilongwe

Akuluakulu, ndibwerekeni nzeru. Ndimaona za antchito pa bekale ina kuno ku Lilongwe, tilipo anthu 43. Dalaivala wathu wina, yemwe wagwira zaka zinayi popanda mlandu uliwonse m'fayilo mwake, walemba kawiri pa Facebook. Pa 3 Juni analemba kuti malipiro a Meyi sanatuluke ndipo ana ake akugona ndi njala. Loweruka pa 7 Juni anaika chithunzi chake ali mu yunifomu, pambali pa galimoto yolembedwa dzina la kampani, n'kulemba kuti timaphika buledi ndi ufa wa anankafumbwe, anthu asamagule. Golosale ina ya ku Kawale yomwe imatenga malofu 120 patsiku yaimitsa oda Lolemba, ndipo mwini wake wanena yekha kuti waona positiyo.

Abwana akufuna kalata ya chenjezo lomaliza pofika mawa, komanso akuti ndimudule malipiro a masiku asanu. Ndaiyamba chonchi: "Mwakhala mukuipitsa mbiri ya kampani pa masamba a mchezo." Mtima wanga sukukhazikika nayo. Malipiro aja anachedwadi, tinalipira pa 10.

aPhiri a ku Limbe

Mayi Nabanda, mtima wanuwo ukunena zoona. Musalembe kalata imeneyo mawa. Mwamufunsa mwini wakeyo? Ngati simunamufunse, kalata yoyamba kutuluka ikhale yomuitana kuti adzayankhe, osati yomuweruza. Lamulo la za ntchito la 2000, gawo 56, limakulolani kuchenjeza munthu polemba, kumuimitsa kapena kumutsitsa udindo, koma limati chilangocho chikhale choyenera, ndipo poyesa kuyenerako amaona kukula kwa cholakwa, ntchito ya munthuyo, njira yomwe munatsata, zomwe zawonongeka ndi mbiri yake ya m'mbuyo. Njira yomwe munatsatayo ndi pamene ambiri timagwera. Chenjezo la lero ndi limene mudzanyamule kupita nalo ku Industrial Relations Court, khoti la milandu ya za ntchito, tsiku lomwe mudzamuchotse, ndipo kumeneko adzakufunsani kuti munamumva liti.

Za kudula malipiro iwalani. Gawo lomwelo limaletsa kulipiritsa wantchito chindapusa. Mutha kusamulipira masiku omwe wajomba popanda chilolezo komanso popanda chifukwa chomveka, kapena kumudula mtengo wa katundu yemwe wawononga, koma positi si kujomba.

Mphwanga wa ku Mzuzu

Ine ndikuona ngati palibe mlandu apa. Analemba Loweruka, pa foni yake, ndi bandulo yake. Malamulo aakulu a dziko, gawo 35, amapereka ufulu wolankhula zakukhosi. Kampani ilibe gawo pa Facebook ya munthu.

aPhiri a ku Limbe

Achimwene a ku Mzuzu, mwalasa theka. Akanalemba za mpira kapena za chipani chomwe amachikonda, ndikanagwirizana nanu kotheratu, pakuti gawo 57 la lamulo la za ntchito limanena poyera kuti maganizo a ndale a munthu si chifukwa chomulangira. Koma uyu wavala yunifomu, waima pa galimoto ya kampani, wauza makasitomala kuti asagule, ndipo kasitomala wasiyadi. Chingwe chomanga positiyo ku ntchito chikuoneka ndi maso. Tsiku ndi foni sizichidula.

Chimene ndikufuna mayi Nabanda agwire ndi ichi: mapositi ndi awiri, ndipo si amodzi. Ya pa 3 Juni ndi yoona. Munthu anagwira mwezi wathunthu, sanalipidwe pa nthawi yake, wadandaula. Mukaiika m'kalata ngati mlandu, mwamupatsa chida chokumenyerani nacho, chifukwa akapita ku ofesi ya leba nkhani idzasanduka ya malipiro ochedwa, ndipo olakwa pamenepo ndinu. Ya pa 7 Juni ndiyo ili ndi mlandu. Chiganizo chanu chija choti "mwakhala mukuipitsa mbiri" chaphatikiza zonse ziwiri m'thumba limodzi, komanso sichikunena tsiku, mawu, kapena lamulo lomwe waphwanya. Munthu angayankhe bwanji mlandu wopanda tsiku?

Nachisale, Zomba

Pitani naye kupolisi basi. Kuli lamulo la 2016 lija la za pa intaneti, anthu amamangidwa nalo. Kwathu kuno mphunzitsi wina anatitukwana pa gulu la makolo la WhatsApp, titangotchula za polisi anafufuta yekha usiku womwewo.

Nabanda, Lilongwe

Ayi amayi, za polisi sitikuzifuna. Ndi dalaivala wabwino, njira zonse za ku Area 25 ndi Mchesi amazidziwa, ndipo tikufuna akhalebe. Funso langa ndi la kalata.

APhiri, vuto lina ndi ili. Buku lathu la malamulo a pantchito linalembedwa kalekale, za Facebook mulibe. Muli chabe ndime yoletsa "khalidwe lonyozetsa kampani" ndi ina yoti dandaulo lizipita kwa kapitawo kenako kwa manijala. Zikwanira?

aPhiri a ku Limbe

Zikwanira, bola akhale kuti anasainira kuti bukulo analandira. Yang'anani m'fayilo. Ngati siginecha palibe, kalata yanu ikhale yofewerapo, yomudziwitsa lamulolo ndi kumuchenjeza koyamba, chifukwa n'kovuta kulanga munthu kwambiri pa lamulo lomwe simungasonyeze kuti analiona.

Mawa mupatseni kalata yaifupi yomuitana. Munenemo positi ya pa 7 Juni, mumatepo chithunzi chake chosindikiza choonetsa dzina la akaunti ndi tsiku, mutchule ndime ya m'buku, ndipo mumupatse masiku awiri kapena atatu okonzekera. Muloleni abwere ndi mnzake wa pantchito, kapena wa yuniyoni ngati ilipo. Pa zokambiranazo funso loyamba likhale lakuti, akaunti iyi ndi yanu, ndipo munalemba ndinu? Musaganize kuti n'zodziwikiratu. Ndinaonapo nkhani ikugwa chifukwa munthu anati foni inali ndi mlamu wake, ndipo palibe amene anamufunsa poyamba. Abwana omwe akwiyawo asakhale wapampando. Wina alembe zonse zoyankhulidwa, onse asainire.

Akapezeka wolakwa, thupi la kalata likhoza kuyenda motere:

"Pa 7 Juni munaika pa akaunti yanu ya Facebook chithunzi chanu muli mu yunifomu pambali pa galimoto ya kampani, ndi mawu akuti kampani imaphika buledi ndi ufa wa anankafumbwe ndipo anthu asagule. Pa zokambirana za pa (tsiku) munavomera kuti munalemba ndinu, ndipo munafotokoza kuti (mawu ake enieni). Tamva kufotokoza kwanu, koma tapeza kuti nkhaniyi simunaitengere kwa kapitawo kapena manijala monga ikunenera ndime (nambala), ndipo kasitomala mmodzi waimitsa oda chifukwa cha mawuwa. Ili ndi chenjezo loyamba lolembedwa. Tikukupemphani kuchotsa positiyo pofika (tsiku) ndi kusaikanso dzina, galimoto kapena yunifomu ya kampani pa nkhani zotere. Chenjezoli likhala m'fayilo mwanu kwa miyezi (chiwerengero). Zikachitikanso m'nthawiyi, chilango chikhoza kukula mpaka kuchotsedwa ntchito. Ngati simukugwirizana nalo, lemberani (udindo) pasanathe masiku (chiwerengero). Kalatayi sikukuletsani kudandaula za malipiro kapena za ukhondo kwa ife, ku ofesi ya leba, kapena ku bungwe lililonse la boma loona za zimenezi."

Chiganizo chomalizacho musachichotse ngakhale abwana atachida. Ndicho chikusonyeza kuti mukulanga njira yomwe wadzera, osati kutseka pakamwa munthu wodandaula. Miyezi ija lamulo silinaike chiwerengero, tengani ya m'buku lanu. Malo ambiri omwe ndagwirako amaika 6 pa chenjezo loyamba, 12 pa lomaliza. Ndipo pa munthu wa zaka zinayi zoyera, kulumphira ku chenjezo lomaliza ine sindingakulimbikitseni, ngakhale ena anganene kuti kutaya kasitomala n'kokwanira.

Gogo wa Masitolo, Kanengo

Ndawerenga zonse, koma palibe amene wafunsa funso lomwe likundivuta ine. Ufawo unali ndi anankafumbwe kapena ayi? Ndasunga masitolo a zakudya zaka zambiri. Thumba likakhalitsa pansi popanda mapaleti, kapena wina akamatenga atsopano n'kusiya akale kumbuyo, tizilombo timalowa ndithu, ndipo amene amayamba kuona ndi onyamula ndi madalaivala, osati a muofesi. Musanalembe kuti mnyamatayo wanama, pitani kusitolo, muone makadi a katundu, mufunse ophika a usiku. Ngati ananenapo kwa kapitawo n'kukalipiridwa, ndiye kuti kalata yanuyo ikunama pamene ikuti sanatengere nkhani kwa akuluakulu. Ndipo a Malawi Bureau of Standards akabwera chifukwa cha positi yomweyo, sadzafunsa za kalata, adzatsegula matumba.

aPhiri a ku Limbe

Agogo anena chinthu chachikulu, ndipo n'chifukwa chake m'kalata muja sindinalembe mawu akuti "zabodza". Musawalembe pokhapokha mutafufuza ndipo muli ndi pepala losonyeza. Akakhala kuti ananenadi kwa kapitawo ndipo sizinamveke, ine ndingatsike kufika pa kukambirana naye ndi kulemba m'fayilo, osati chenjezo.

Mphwanga wa ku Mzuzu

Pamenepo ndiye tikusiyanabe, aPhiri. Ngati ufa unalidi woipa, anthu odya buledi anayenera kudziwa, ndipo kumuuza kuti afufute ndi kubisa. Komanso chithunzi cha positicho mwachipeza bwanji? Ngati akaunti yake ndi ya anzake okha ndipo wina anachita kumuzonda, pali nkhani ya chinsinsi cha munthu.

Nabanda, Lilongwe

Positi ili poyera, aliyense akuiona, ndipo anthu aigawa kale, n'chifukwa chake yafika ku Kawale. Pamenepo palibe kuzonda.

Ndabwera kumene kuchokera kusitolo monga ananenera agogo. Khadi ikusonyeza kuti mu Meyi matumba awiri a makilogalamu 50 anabwezedwa kwa otigulitsa ufa chifukwa cha tizilombo, ndipo amene anawanyamula pobweza ndi dalaivala yemweyu. Wosunga sitolo akuti sanaphikidwe, ngakhale limodzi linali lotsegula ndipo silinayezedwe pobweza. Kapitawo wa usiku sindinamupeze, alowa 8 koloko.

Abwana ndawauza kuti za kudula malipiro sizitheka, akwiya koma avomera. Za chenjezo lomaliza akukakamirabe. Kalata yomuitana ndalemba, yatchula positi ya pa 7 yokha, zokambirana zili Lolemba 10 koloko m'mawa. Siginecha ya buku la malamulo ndaipeza m'fayilo. APhiri, ngati atakana kusainira kuti kalatayi walandira, ndichite bwanji?

aPhiri a ku Limbe

Musamukakamize. Muwerengereni pamaso pa mboni imodzi, mumuuze kuti kusainira ndi kuvomera kuti walandira chabe, osati kuvomera mlandu, ndipo mawu amenewa alembedwe pamwamba pa mzere wosainirapo. Akakanabe, lembani pa kope lanu tsiku, nthawi ndi kuti wakana, mboni isainire, iye mumupatse kope lake. Ndipo kapitawo wa usiku uja mufunseni lero lomwe, dalaivala asanalandire kalata, kuti thumba lotsegula lija linatsegulidwa ndi ndani.