Adivati ikufuna zaka 3 ndi laisensi ya njinga yamoto, ndiponye kalata kapena ndisiye?

Wofunsa: Abale thandizeniko maganizo. Bungwe lina la zaulimi likufuna wa kufildi ku Lundazi, kuyendera magulu a alimi a soya ndi nshawa. Alemba kuti Giredi 12, dipuloma ya zaulimi, zaka 3 pa nchito, laisensi ya njinga yamoto, kudziwa KoboCollect, Chitumbuka, ndiye digiri akuti "added advantage". Ine dipuloma ndili nayo, nchito ndagwira zaka 2 chabe kuphatikiza atachimenti, njinga ndimayendetsa kuyambira kale koma laisensi yanga ndi ya galimoto. Kudinditsa mapepala ndi fotokope zonse ndi ndalama ndipo chaka chino ndataya kale zambiri, manje sindifuna kuponya mwakhungu.

Woyankha 1: Ponyani chabe achimwene, zonsezo amangolemba kuopseza anthu. Ine ndinalowa nchito ya zaka 5 ndili ndi 3.

Woyankha 2: Zaka inde, koma osati zonse. Ndakhalapo pa tebulo losankha makalata. Musayambire pa mndandanda wa zofunikazo, yambirani pamene alemba zimene muzichita tsiku ndi tsiku, ndiye chilichonse muchifunse kuti popanda ichi Lolemba loyamba ndingagwire? Digiri iwalani, anena okha kuti ndi yoonjezera. Kobo ndi fomu ya pafoni, masiku awiri mwaidziwa. Zaka 2 m'malo mwa 3 timalola ngati kalata ikuonetsa kuti munali ndi magulu angati, alimi angati, nyengo zingati za ulimi, osangoti "ndinagwira kufildi". Koma laisensi ndiye khoma. Njinga ndi ya bungwe, ili pa inshuwalansi, mukagwa nayo kumudzi mulibe kalasi A bungwe ndilo lili m'madzi, ndiye sangakupatseni makiyi olo mumakwera bwanji. Kalasi B yanuyo siyikhudza njinga. Pitani ku RTSA sabata ino.

Wofunsa: Zikomo amayi. Nanga ndikalemba kuti ndayamba kale, ndili ndi provizhono?

Woyankha 2: Lembani zoona ndi tsiku la mayeso. Ena amadikira, ena amataya pomwepo, zimatengera kuchuluka kwa makalata.

Woyankha 3: Nchitoyi ili kuti, nditumizireniko inenso ndili ku Katete ndili ndi njinga yanga.

Woyankha 4: Ine zinandichitikira pa za akaunti, ndinayesa kuti umembala wa ZICA, bungwe la maakauntanti, angolemba, kalata sinadutse n'komwe chifukwa limenelo ndi lamulo. Ndipo za zaka musatengere ku boma, kumeneko akati 3 amawerenga 3.

Woyankha 5: Palibe wanena za Chitumbuka. Kuphunzitsa azimayi pansi pa mtengo ku Lundazi mu Chinyanja cha mtauni amva inde, koma akayamba kufunsa za mtengo wa mbewu mudzamva?

Wofunsa: Kumva ndimamva, agogo anga ndi a ku Chama, kuyankha ndiye kumavuta. Pa adivati sanalembe "must" pamenepo, ndiye kaya ndilembe bwanji.