Thandizeni pa alidolo: n'chifukwa chiyani besi imalanda haidirojeni ya pa alufa?

Wofunsa: Akuluakulu a kemisitire pagulu pano, ndithandizeni, mutu waima. Pa mayeso anatifunsa momwe asetalidehaidi, CH3CHO, amalumikizirana okhaokha mu NaOH yosungunula. Ine ndinajambula OH⁻ ikuchotsa haidirojeni ya pa CHO, poti ndi yomwe yayandikana ndi okisijeni. Pepala labwera ndi mzere wofiira kuyambira pa muvi woyamba mpaka pansi, pambali analemba mawu amodzi okha: inoleti. Yankho lolondola ndaliloweza tsopano, koma mumtima sindikukhutira. Ya pa CH3 ili kutali, bwanji ikhale iyoyo? Komanso ku labu tinasakaniza benzalidehaidi ndi asitoni mu NaOH, anzanga anapeza ufa wachikasu, ine zamafutamafuta zomata pansi pa botolo. Kodi ziwirizi zikugwirizana?

Mnzanu wa chaka chachitatu: Achemwali, musavutike. NaOH ndi besi yamphamvu, imasandutsa alidehaidi yense kukhala inoleti, kenako ma inoleti awiri amalumikizana. Mukatenthetsa madzi amachoka mwa E2, pa sitepe limodzi. Basi.

Aphunzitsi opuma: Mwananga wa chaka chachitatu, inoleti mwaitchula bwino, koma pa "yense" mwaterereka. Ndiyambe ndi funso la mwini nkhani.

Besi ikalanda haidirojeni imatenga pulotoni yokha, ma elekitironi awiri amatsala pa kaboni. Choncho musafunse kuti yayandikira okisijeni ndi iti. Funsani kuti otsalawo akakhala kuti. Akatsala pa kaboni wa alufa, uja woyandikana ndi C=O, ali ndi kothawira: amatsetsereka n'kupanga C=C, ndipo ma elekitironi a C=O amakwera pa okisijeni, amene katundu wotere amamusenza mosavuta.

```
⁻CH2–CH=O  ↔  CH2=CH–O⁻
```

Ameneyu ndiye inoleti. Si zinthu ziwiri zosinthana ayi, ndi chimodzi chomwe tachijambula kawiri. Tsono mukachotsa haidirojeni ya pa CHO, ma elekitironi amatsala pa kaboni wa C=O yemweyo, ataloza cham'mbali, mosayang'anizana ndi njira yopita ku okisijeni. Kuyandikana kulipo, koma khomo palibe. Manambala a pKa, omwe akatsika ndiye kuti pulotoni imachoka mosavuta, akuchitira umboni: pKa ya haidirojeni ya alufa mu asetalidehaidi ndi pafupifupi 17, pomwe ya mu C2H6, wopanda C=O, ili cha m'ma 50.

Koma ya madzi ndi 15.7, yotsika kuposa 17. Ndiye kuti OH⁻ amangosandutsa kagawo kochepa chabe, alidehaidi wambiri amakhala momwe analili. Ndipo zimenezi ndi zomwe zikufunika. Ma inoleti awiri sangalumikizane, onse ndi olemera ma elekitironi, amakankhana. Inoleti amafuna alidehaidi wosakhudzidwa, yemwe kaboni wake wa C=O ali ndi njala.

```
CH3CHO + OH⁻ ⇌ ⁻CH2CHO + H2O
⁻CH2CHO + CH3CHO ⇌ CH3CH(O⁻)CH2CHO
CH3CH(O⁻)CH2CHO + H2O ⇌ CH3CH(OH)CH2CHO + OH⁻
```

Taonani mzere wachitatu. OH⁻ uja wabwerera, n'chifukwa chake timati amangofulumizitsa, satha.

Wofunsa: Zikomo aphunzitsi, za kothawira zandilowa. Koma ngati kaboni wa C=O ali ndi njala chonchi, OH⁻ amalekeranji kumugwira yekha, m'malo mozungulira ku alufa?

Aphunzitsi opuma: Amamugwira ndithu, ndipo mwachangu. Mumapeza CH3CH(OH)2, moti m'madzi pafupifupi theka la asetalidehaidi amakhala wotero. Koma njirayo siipita patali, OH amalowa n'kutulukanso tsiku lonse. Ya inoleti ndi yomwe imamanga kaboni pa kaboni, makaboni awiri ndi awiri n'kukhala anayi. Dzina la alidolo likuchokera pomwepo, chifukwa chotulukacho ndi alidehaidi mbali ina, alikoholo mbali ina.

Pa E2 paja ndikonzenso. OH⁻ sachoka mwaulemu, onani kuti CH3CH2OH mukamuwiritsa mu NaOH yosungunula sataya madzi. Alidolo amataya chifukwa akadali ndi haidirojeni pa alufa. Besi imalanda imeneyo, inoleti wachiwiri amabadwa, ndipo ma elekitironi pobwerera kuchokera pa okisijeni amakankha OH wa pa kaboni wotsatira. Masitepe awiri, osati limodzi, m'mabuku mudzaona E1cB. Chotsala ndi CH3CH=CHCHO, pomwe C=C ndi C=O zatsatizana n'kugawana ma elekitironi. Kukhazikika kumeneko, pamodzi ndi kutentha, kumakokera zonse kutsogolo. Ana ambiri amajambula inoleti poyamba pokha, kumapeto amangolemba "kuchotsa madzi" ndi muvi umodzi, ndipo zimandiwawa chifukwa mfundo yake ndi yomweyo.

Mayi wa sopo: Pepani kulowerera. Ine ndimapanga sopo ndi kositiki, NaOH yemweyu, nthawi zina mafuta amayandama pamwamba osauma. Mwina vuto la mtsikanayu ndi lomwelo, kositiki anachepa?

Wa ku labu: Mayi, zanu ndi zina. Mu sopo kositiki amadula mafuta ndipo amathera momwemo, ndiye akachepa mafuta amatsaladi. Kuno sadyedwa. Achemwali ofunsa, munathira zingati?

Wofunsa: Benzalidehaidi 2 mL. Asitoni pepala linati 0.7 mL, koma ndinaona ngati wachepa kwambiri, ndinawonjezera mpaka cha m'ma 1.5 mL.

Wa ku labu: Apo! Werengani nokha. Benzalidehaidi 2 mL ndi pafupifupi 0.02 mol. Asitoni 0.7 mL ndi pafupifupi 0.01 mol, ndiye kuti awiri pa mmodzi. Inu mwafikitsa asitoni pa 0.02 mol, mmodzi pa mmodzi. Ndipo apa funso lanu loyamba lakumana ndi lachiwiri. Benzalidehaidi, C6H5CHO, alibe haidirojeni ya alufa, ali ndi ya pa CHO yokha ija munkafuna kuchotsa. Zikanakhala kuti besi imalanda imeneyo, akanalumikizana yekha. Sapanga inoleti, ntchito yake ndi kulandira. Asitoni, CH3COCH3, ali ndi alufa mbali zonse ziwiri, ndiye amagwira benzalidehaidi kumanja, kutaya madzi, kenako kumanzere. Mbali zonse zikagwira mumapeza C6H5CH=CHCOCH=CHC6H5, ufa wachikasu wosungunuka cha pa 110 °C. Asitoni akachuluka, ambiri amangogwira mbali imodzi, C6H5CH=CHCOCH3, yemwe amasungunuka cha pa 40 °C pokha. Akasakanikirana ndi mnzakeyo sauma, ndi phala lomwe mwaliona.

Mnzanu wa chaka chachitatu: Za ma inoleti awiri ndavomera, ndinaphonya. Koma pa mafutawa sindikugonja. Ife tinayeza bwinobwino, zinatulukabe zomata. Botolo la benzalidehaidi linali lakale, pakamwa pake pali timiyala toyera. Mpweya umamusandutsa C6H5COOH, asidiyo amadya NaOH, komanso benzalidehaidi weniweni amachepa.

Wa ku labu: Zimachitikadi, ndaonapo mabotolo otero. Koma botolo linali limodzi kalasi yonse, anzawo anapeza ufa.

Mnzanu wa chaka chachitatu: Sananene kuti linali limodzi.

Wofunsa: Analipo awiri, ndipo sindikumbukira lomwe ndinatunga. Funso lina aphunzitsi, ndamvapo za besi yomwe imasandutsa zonse kukhala inoleti. Imeneyo siononga zonse, malinga ndi zomwe mwanena?

Aphunzitsi opuma: Ndi LDA imeneyo, imagwiritsidwa ntchito pa −78 °C, popanda dontho la madzi. Imeneyo timaifuna dala pamene zinthu zonse ziwiri zili ndi alufa, chifukwa mu NaOH zingatuluke zinthu zinayi zosakanikirana. Mumayamba mwasandutsa ketoni yense kukhala inoleti, asapeze mnzake womugwira, kenako n'kudontheza alidehaidi yemwe mwasankha. Za phala lanu, Lolemba pemphani kubwereza ndi 0.7 mL, ndipo muyang'ane pakamwa pa botolo musanatunge.

Wofunsa: Ndikapempha, aphunzitsi. Phala lija sindinataye, lili mu kabati, ndikaliyesanso kuliumitsa mu ethanolo tione ngati ufa wachikasu ungatulukemo.