Thandizeni, fyuluta ya homomofiki ikundiwonongera chithunzi

Wofunsa: Abale, ndinajambula kalata yakale ya malemu agogo, koma nyale inali kumanzere, ndiye mbali ya kumanja inada. Kalatayo achemwali anga analanda kale, ati ine ndimataya zinthu, chonsecho sikana yanga anaphwanya ndi iwowo. Ndachezera usiku ndi fyuluta ya homomofiki mu Python, koma chithunzi chikutuluka choipa kuposa poyamba. Ndikulakwitsa pati?

Wojambula Wakale: KAJAMBULENINSO BASI! Ana amasiku ano mumafuna masamu akukonzereni ulesi.

Mayi wa Masamu: Choipa motani, bambo? Chakuda bii, kapena zilembo zazunguliridwa ndi mkombero woyera? Tionetseni kodi yanu. Poyembekezera: pikiseli iliyonse ndi kuwala kuchulukitsa ndi mmene pepalalo limabwezera kuwalako. Logi imasandutsa kuchulukitsako kukhala kuphatikiza. Kuwala kwa nyale kumasintha pang'onopang'ono, choncho kumakhala m'mafirikwensi otsika, pomwe m'mbali mwa zilembo mumakhala m'mafirikwensi okwera. Otsikawo mumawachepetsa.

```python
L = np.log1p(img.astype(float))
F = np.fft.fftshift(np.fft.fft2(L))
G = np.fft.ifft2(np.fft.ifftshift(H * F)).real
out = np.expm1(G)
```

Ngati fyuluta yanu `H` ili ndi dzenje pakati koma mwaiwala `fftshift`, mukuchepetsa mafirikwensi okwera, kusiya otsika.

Wophunzira: Ingoikani `gamma_L`, nambala yochulukitsira mafirikwensi otsika, pa 0, mthunzi wonse uchoka. Ine zinanditheka.

Mayi wa Masamu: Pa kalata mwina, koma dontho lalikulu la inki lidzayera pakati, poti nalonso ndi la firikwensi yotsika. Tiyerekeze pepala likuwerenga 200 kumanzere, 50 kumanja. Mbali ina yawala kanayi kuposa inzake. Mukaika `gamma_L` pa 0.5 kusiyanako kutsika kufika pafupifupi kawiri, pa 0.25 kufika pafupifupi 1.65. Komanso 0.5 yomweyo igwetsa 200 uja kufika cha m'ma 13, ndiye mukapanda kutambasulanso manambala kufika 0 mpaka 255, chithunzi chituluka chakuda.

Wojambula Wakale: Mwaona? Mwakonza mthunzi, mwabweretsa mdima. Nyale ziwiri, ina uku ina uku, nkhani yatha!

Mlongo Wina: Aise, za azichemwali musandiyambitse. Wanga anatenga zithunzi zonse za ukwati wa makolo athu. Pepani ndithu.

Wa Makompyuta: Bwanji osangogwiritsa ntchito CLAHE, njira ija yokulitsa kusiyana kwa kuwala ndi mdima chigawo ndi chigawo cha chithunzi? Mafuriye onsewa ngachiyani?

Wojambula Wakale: Imeneyonso ingokulitsa phokoso la kumdimako. Kumene kamera sinaone, kulibe chobweza.

Mayi wa Masamu: Pa phokosopo a Wojambula akunena zoona, ndipo `gamma_H`, nambala yochulukitsira mafirikwensi okwera, ikapitirira kwambiri 1 limakulanso. Koma bambo, mthunziwo ukuzilala pang'onopang'ono, kapena uli ndi malire akuthwa ngati wa dzanja kapena foni? Malire akuthwa ali ndi mafirikwensi okwera, fyulutayi siingawachotse, ingowaikira mkombero.

Wofunsa: Zikomo nonse. Achemwali sakuyankha foni. Kodi `D0` ija, malire a mafirikwensi otsika ndi okwera, ndiike zingati?

Mayi wa Masamu: Zitengera mmene mwaiwerengera `D`, mtunda wa firikwensi iliyonse kuchokera pakati, komanso kukula kwa zilembo m'chithunzicho. Za mthunzi zija simunandiyankhebe, kodi yanunso sitinaione.

Wojambula Wakale: NYALE ZIWIRI!